Sefa Ikayamba Kubisa: Malebulo ndi Zigawo mu Kaundula wa Ntchito Pakatha Chaka

Gulu lililonse lolemba mapulogalamu a pakompyuta limakhala ndi kaundula wa ntchito. Wina akapeza kuti pulogalamu ikulakwitsa, kapena kasitomala akapempha chinthu chatsopano, nkhaniyo imalembedwa ngati tikiti: pamakhala mutu, kufotokoza kwa vutolo, dzina la amene walemba ndi la amene adzakonze. Makaundula odziwika kwambiri ndi Jira, yemwe kampani ya Atlassian ya ku Australia inatulutsa mu 2002, Bugzilla wa a Mozilla yemwe anayamba mu 1998, komanso amene ali mkati mwa GitHub ndi GitLab. Masiku ano ngakhale maofesi osalemba mapulogalamu amawagwiritsa ntchito posunga madandaulo ndi zopempha.

Matikiti akakhala 40, munthu amangowawerenga onse kuchokera pamwamba mpaka pansi. Akapitirira 1,000 palibe amene angatero. Aliyense amasefa: amauza kaundula kuti amuonetse matikiti a mtundu wakutiwakuti okha, ena onse abisike. Kuyambira pamenepo, zimene gulu limadziwa za ntchito yake ndi zimene sefa yaonetsa basi. Tikiti imene sefa yaisiya kunja ilipo ndithu mu kaundula, koma palibe akuiwerenga, palibe akuikumbuka pamsonkhano wa Lolemba, ndipo mwini vutolo akungodikira.

Sefa imagwira ntchito poyang'ana zimene anthu anaika pa tikiti, makamaka zinthu ziwiri: malebulo ndi zigawo. Vuto limene ambiri amadandaula nalo pakatha chaka n'lakuti malebulo achuluka, mndandanda wake ukunyansa. Limenelo ndi vuto laling'ono. Lalikulu n'lakuti sefa yoonongeka sionetsa kuti yaonongeka. Imatulutsa mndandanda waufupi, wooneka bwino, ndipo munthu amaukhulupirira.

Mayankho awiri a funso limodzi

Tiyerekeze gulu la anthu asanu ndi atatu amene akulemba pulogalamu ya bungwe losunga ndi kubwereketsa ndalama. Mamembala amabweza ngongole kudzera pa foni, akalaliki amalemba malisiti, akuluakulu amafuna malipoti pakutha kwa mwezi. Gululi likugwiritsa ntchito Jira, ndipo pakatha chaka lili ndi matikiti pafupifupi 1,400. Tsiku lina abwana afunsa funso losavuta: kodi mavuto osakonzedwa okhudza kulipira pa foni alipo angati? Mtsogoleri wa gulu atsegula sefa imene anaisunga mwezi woyamba:

```
project = SACCO AND labels = mobile-money AND resolution = Unresolved
```

Patuluka matikiti 23. Iye apereka nambalayo, abwana aona kuti ntchito ya masabata angapo ikwana, ndipo alonjeza kasitomala tsiku.

Koma lebulo ya `mobile-money` anaiyambitsa ndi anthu awiri amene analipo pachiyambi. Amene anabwera mwezi wachinayi ankalemba `mobilemoney`, opanda kamzere, ndipo pansi pa dzina limenelo pali matikiti 9. Mnyamata wina wokonda kufupikitsa ankalemba `momo`, ndipo ali ndi 7. Olandira madandaulo a makasitomala ankalemba dzina la njira imene membala analipirira, `mpamba` kapena `airtel`, osaonjezera china, ndipo amenewo ndi 12. Palinso matikiti 10 amene analembedwa mothamanga Lachisanu madzulo opanda lebulo iliyonse. Yankho loona ndi 61. Palibe ananama, palibe anachita ulesi woti n'kumudzudzula. Aliyense anaika dzina lomveka kwa iye patsikulo.

Chimene chinatsegula khomo ndi mmene Jira anapangidwira. Munthu aliyense wololedwa kusintha tikiti akhoza kutayipa mawu alionse m'bokosi la `Labels`, ndipo mawuwo amasanduka lebulo nthawi yomweyo. Palibe wovomereza, palibe malo olembapo tanthauzo lake. Lebuloyo imayamba kuonekeranso kwa ena ngati chosankha akangoyamba kutayipa zilembo zofanana, ngakhale ali m'polojekiti ina, choncho cholakwika cha munthu mmodzi chimabereka. Jira salola mpata pakati pa mawu a lebulo imodzi, n'chifukwa chake wina amalumikiza ndi kamzere, wina amaphatikiza, wina amafupikitsa. Ku GitHub zinthu n'zothinako pang'ono, chifukwa lebulo yatsopano amapanga ndi okhawo ololedwa kulemba m'nkhokwe ya pulogalamuyo, koma pagulu la anthu asanu ndi atatu ndiye kuti onse.

Diroo ndi timapepala

Chigawo ndi lebulo zimaoneka ngati zofanana pa sikirini, koma ntchito yake n'njosiyana. Faelo ya mu ofesi imakhala m'diroo imodzi ya kabati, ndipo madiroo ndi owerengeka, olembedwa mayina ndi mwini ofesi. Pachikuto cha faelo yomweyo anthu atha kumatapo timapepala tambirimbiri tokumbutsa izi ndi izo. Chigawo ndi diroo, lebulo ndi kapepala.

Bugzilla anaugwira mwamphamvu mfundo imeneyi kuyambira kale. Kumeneko tikiti iliyonse imakhala m'bokosi limodzi la `Product` ndi limodzi la `Component`, osati awiri, osatinso kusiya opanda kanthu, ndipo chigawo chilichonse chili ndi munthu amene matikiti ake amafikira. Mu Jira, zigawo za `Components` amapanga ndi woyang'anira polojekiti yekha, chilichonse chikhoza kukhala ndi mtsogoleri wake, ndipo tikiti ikaikidwa m'chigawocho ikhoza kupita yokha kwa munthuyo. Jira amalola zigawo ziwiri kapena zitatu pa tikiti imodzi, koma ine ndimati mwayi umenewo usiyidwe pokhapokha patavuta zedi. Tikiti ya zigawo ziwiri imawerengedwa kawiri m'malipoti, ndipo mtsogoleri aliyense amaganiza kuti mnzake ndiye akuiona.

Ndiye lamulo loyamba likudzionetsa lokha. Funso limene mudzafunsa sabata iliyonse, limene yankho lake mudzapangira chisankho cha ndalama kapena cha nthawi, lisadalire mawu otayipa mwaufulu. Likhale ndi bokosi la mayankho owerengeka, oti munthu amangosankhapo. Gulu lathu lija likanakhala ndi chigawo cha `payments`, anthu onse asanu ndi atatu akanasankha dzina limodzimodzi, chifukwa lina loti asankhe kunalibe.

Mafunso otere sakhala ambiri. Vutoli lili mbali iti ya pulogalamu? Ndi la mtundu wanji, cholakwika kapena pempho la chatsopano? Likufunika changu chotani? Ntchito yafika pati, ndipo ili m'manja mwa ndani? Mu Jira lililonse mwa mafunso amenewa lili kale ndi bokosi lake: `Components`, `Issue Type`, `Priority`, `Status`, `Assignee`. Lebulo iliyonse yobwereza limodzi mwa mabokosi amenewa ndi mbewu ya mkangano. Wina aika lebulo ya `in-progress`, ntchito itha, `Status` isinthidwa, koma lebulo itsala pomwepo mpaka kalekale. Za changu ndiye zimaseketsa. Kumayamba `urgent`, ndipo matikiti ambiri akakhala ndi `urgent` pamabadwa `very-urgent`, kenako `asap`, mpaka tsiku lina mudzapeza `abwana-akufunsa`. Yomalizayi ndi imene imanena zoona kuposa zonse, koma sefa singaiike pamzere ndi zinzake.

Mmene magulu aakulu anachitira

GitHub alibe bokosi la zigawo. Nkhokwe yatsopano imabwera ndi malebulo ochepa okonzeratu, monga `bug`, `enhancement`, `question`, `duplicate` ndi `wontfix`. Taonani kuti amenewa akuyankha mafunso osiyana: atatu oyambawo akunena mtundu wa tikiti, awiri otsirizawo akunena chifukwa chimene yatsekedwera. Pagulu laling'ono palibe vuto. Magulu aakulu amene amagwira ntchito poyera pa GitHub anakakamizika kudzipangira okha madiroo pogwiritsa ntchito timapepala, ndipo zimene anachita n'zoyenera kuziona pafupi.

Kubernetes ndi pulogalamu imene Google inatulutsa mu 2014, yoyendetsa mapulogalamu ena pa makompyuta ambiri nthawi imodzi. Amene amailemba ndi anthu masauzande ochokera m'makampani ndi mayiko osiyanasiyana. Malebulo awo ambiri ali ndi mbali ziwiri: kumanzere kuli funso, kumanja kuli yankho. `kind/bug` ndi `kind/feature` akunena mtundu. `priority/critical-urgent`, `priority/important-soon` ndi `priority/backlog` akunena changu. `sig/node` ndi `sig/network` akunena kagulu ka anthu kamene nkhaniyo ndi yawo, pamene oyamba ndi `area/` akunena mbali ya pulogalamu. Olemba chinenero cha pakompyuta cha Rust amachita zomwezo ndi chilembo chimodzi: `C-bug` ndi mtundu, `P-high` ndi changu, `T-compiler` ndi gulu, `A-diagnostics` ndi mbali.

Phindu loonekera msanga n'lakuti malebulo a banja limodzi amandandalikana pamodzi, ndipo munthu akatayipa `kind/` amaona mayankho onse alipo asanaganize zopeka lake. Phindu lozama n'lakuti wofuna kuyambitsa lebulo yatsopano amayenera kunena banja lake. Lebulo imene ikukanika kulowa m'banja lililonse nthawi zambiri imakhala kuti sikuyankha funso limene wina adzafunse. GitLab anapita patsogolo pa makasitomala ake olipira: malebulo olembedwa ndi madontho anayi, monga `priority::high` ndi `priority::low`, sakhala limodzi pa tikiti imodzi. Mukaika yachiwiri, yoyamba imachoka yokha.

Pali zinthu zina ziwiri za Kubernetes zimene gulu la anthu asanu ndi atatu lingatengere osalipira kanthu. Choyamba, malebulo awo onse amalembedwa m'faelo imodzi, `labels.yaml`, ndipo lebulo iliyonse ili ndi dzina, mtundu wa utoto ndi chiganizo chofotokoza ntchito yake. Wofuna kuonjezera kapena kusintha amapempha kusintha faeloyo, anzake amaunika monga amaunikira kusintha kwina kulikonse kwa pulogalamu, kenako kapulogalamu kena kamafalitsa zosinthazo m'nkhokwe zonse. Lebulo ikasintha dzina, lakale limalembedwa pansi pa latsopano kuti matikiti asamutsidwe. Gulu laling'ono silifunika makina onsewo. Tsamba limodzi lokhala ndi mndandanda, chiganizo chimodzi pa lebulo iliyonse, ndi munthu mmodzi woti azifunsidwa, zikwanira.

Chachiwiri ndicho chimandisangalatsa kwambiri. Tikiti yatsopano ikalowa yopanda lebulo ya `sig/`, kapulogalamu kawo kamaipatsa lebulo ya `needs-sig`, ndipo imene sinaunikidwe imakhala ndi `needs-triage` mpaka wina ataiona n'kuivomereza ndi lamulo la `/triage accepted`. Kusowa kwa lebulo anakusandutsa chinthu chooneka, choti n'kuchisefa ndi kuchiwerenga. Matikiti 10 a Lachisanu madzulo aja sakanabisala m'dongosolo lotere.

N'chifukwa chiyani analekanitsa `sig/` ndi `area/`, pamene kagulu kalikonse kamasamala mbali yakeyake? Chifukwa magulu a anthu amasintha msanga kuposa pulogalamu. Kubernetes yemweyo anali ndi timagulu tapadera ta AWS, Azure ndi makampani ena obwereketsa makompyuta, ndipo mu 2019 timagulu timeneti tinalowetsedwa pansi pa kagulu kamodzi. Mbali za pulogalamu zokhudza makampaniwo sizinapite kulikonse, zili ndi malebulo monga `area/provider/aws`. Gulu limene linatchula zigawo zake mayina a timagulu, kapena choipitsitsa mayina a anthu, limapeza tsiku losintha maudindo kuti mbiri yonse ya matikiti yasokonekera. Funso loti mbali iyi yativutitsa kangati chaka chino silingayankhidwenso, chifukwa theka la matikiti lili pansi pa dzina la kagulu kamene kanatha mu Juni.

Kudula zigawo

Kunena kuti funso la mbali likhale ndi mayankho owerengeka n'kosavuta. Kusankha mayankhowo ndiye ntchito. Gulu lathu la pulogalamu ya ngongole lingayambe ndi zigawo zisanu ndi chimodzi: `payments`, `loans`, `members`, `reports`, `sms` ndi `infrastructure`, chomalizachi kukhala cha makompyuta osungira pulogalamu ndi kusunga makope a zonse. Pagulu la msinkhu umenewu ine ndingakayikire mndandanda wopitirira zigawo khumi. Munthu wolemba tikiti ali ndi kasitomala pa foni sawerenga mayina 30, amasankha loyamba looneka ngati likuyandikira.

Nanga `mpamba` ndi `airtel`? Amenewa ndiye malebulo enieni, chifukwa amanena kanthu kena koonjezera pa chigawo, ndipo tikiti imodzi ikhoza kukhudza njira zonse ziwiri. Angofunika banja lawo, `channel-mpamba` ndi `channel-airtel`, kuti funso lalikulu liziyankhidwa ndi chigawo, laling'ono ndi lebulo. Lebulo ikaiwalika, chimene mwataya ndi tsatanetsatane chabe, tikiti ikuonekabe pansi pa `payments`.

Malire a zigawo amayesedwa mosavuta zisanayambe kugwira ntchito. Tengani matikiti akale 30, apatseni anthu awiri, aliyense aike m'zigawo payekha osakambirana, kenako yerekezani. Pamene agwirizana palibe nkhani. Pamene asiyana m'pamene pali phunziro. Nayi tikiti imene ingawalekanitse: membala walipira K20,000 pa foni, uthenga wotsimikizira wafika, koma lipoti la ngongole yake likuonetsabe ndalama yakale. Wina aiika ku `reports` chifukwa cholakwikacho chikuonekera m'lipoti. Wina aiika ku `loans` chifukwa nkhani ndi ya ngongole. Amene wafufuza apeza kuti pulogalamu inalandira uthenga wa malipiro koma sinaulumikize ndi nambala ya membala, ndiye kukonza kudzachitikira ku `payments`.

Pamenepa gulu liyenera kugwirizana chinthu chimodzi n'kuchilemba: chigawo chikunena kumene vuto laonekera, kapena kumene lidzakonzedwe? Mayankho onse awiri ali ndi nzeru, koma kusakaniza ndiko kumapha sefa. Ine ndimasankha kumene lidzakonzedwe, chifukwa n'kumene kumauza mtsogoleri woyenera kuti ntchito ndi yake, ndipo pakutha kwa chaka kumaonetsa mbali ya pulogalamu imene ikudya nthawi. Zikatero ndiye kuti wolandira dandaulo nthawi zambiri sangadziwe chigawo cholondola, popeza iye amaona zizindikiro zokha. Kumukakamiza kuti asankhe kanthu tikiti isanalowe kumangobweretsa mayankho ongolota, ndipo yankho lolota ndi loipa kuposa bokosi lopanda kanthu, chifukwa lopanda kanthu limaoneka. Ndi bwino kumulola asiye, pakhale munthu wounika matikiti atsopano kawiri kapena katatu pa sabata, ndipo wokonza asinthe chigawo akapeza gwero lenileni.

Chigawo cha `other` kapena `general` chisapangidwe n'komwe. Chimayamba ngati malo a tizinthu tochepa tosowa kwawo, pakatha chaka chimakhala chachikulu kuposa zonse, ndipo chilibe mwini.

Zigawo zimakula mosiyana, ndipo kukula kumeneko n'chizindikiro chofunika kuchiyang'ana miyezi itatu iliyonse. Chigawo chimodzi chikameza matikiti opitirira limodzi mwa magawo atatu a onse, kusefa nacho sikuchepetsanso kanthu, ndipo mwina nthawi yakwana yochigawa, monga `payments` kukhala za pa foni ndi za kubanki. Koma chigawidwe pokhapokha ngati zidutswa ziwirizo zidzakhala ndi eni ake osiyana kapena zidzafunsidwa mafunso osiyana. Chigawo chimene chalandira matikiti awiri okha m'miyezi isanu ndi umodzi chilowetsedwe m'china choyandikana nacho.

Pali malebulo ena amene amachulukana okha ngakhale gulu litasunga mwambo: a mayina a makasitomala ndi a zochitika za kanthawi. Dzina la kasitomala likhale ndi bokosi lakelake, chifukwa makasitomala amaonjezekera mwezi ndi mwezi ndipo mayina awo amalembedwa m'njira zambiri. Za kanthawi, monga kukonzekera oyendera mabuku a ndalama, zikhale ndi deti m'dzina, `audit-2025-03`, kuti amene adzaione chaka chamawa adzadziwe yekha kuti inatha ntchito. Lebulo yongoti `audit` imagwiritsidwanso ntchito chaka chotsatira, ndipo zaka ziwiri zimasakanikirana m'sefa imodzi.

Msampha wa mawu oti osati

Ngakhale mayina atakhala aukhondo, pali msampha m'kalembedwe ka sefa komwe. Mtsogoleri wathu afuna kuona matikiti onse osakonzedwa kupatula amene akudikira yankho la kasitomala. Alemba:

```
project = SACCO AND resolution = Unresolved AND labels != waiting-on-client
```

Munthu angayembekeze kuti pachoka okhawo okhala ndi lebuloyo. Koma Jira amachotsanso matikiti onse amene alibe lebulo iliyonse, chifukwa kwa iye bokosi lopanda kanthu silingayerekezedwe ndi chinthu. Ngati theka la matikiti anu lilibe malebulo, theka limenelo lasowa, popanda chenjezo lililonse. Kalembedwe kolondola n'kotere:

```
project = SACCO AND resolution = Unresolved
AND (labels != waiting-on-client OR labels is EMPTY)
```

Zimachitikanso chimodzimodzi ndi zigawo. Ku GitHub msampha wake ndi wina: `label:momo label:mpamba` imafuna matikiti okhala ndi malebulo onse awiri, pamene `label:momo,mpamba` imafuna okhala ndi iliyonse mwa awiriwo. Kusiyana kwake ndi kachizindikiro kamodzi, koma mndandanda woyamba ukhoza kutuluka wopanda kanthu pamene wachiwiri uli ndi matikiti 20.

Njira yodziwira ngati masefa anu akubisa ndi masamu a kupulayimale. Werengani matikiti onse osakonzedwa. Werengani a chigawo chilichonse, muonjezere opanda chigawo, muphatikize. Nambala ziwirizo ziyenera kufanana. Yophatikiza ikachepa, pali sefa imene ikusiya ena kunja. Ikachuluka, pali matikiti a zigawo ziwiri. Ndipo sefa imodzi imene ndingaike pamwamba pa zonse, yoti aliyense aziiona m'mawa, ndi iyi:

```
project = SACCO AND component is EMPTY AND resolution = Unresolved AND created <= -7d
```

Imaonetsa matikiti amene atha sabata osaikidwa m'chigawo. Ku GitHub zofanana nazo ndi `is:open no:label`. Mndandanda umenewu ukamakula sabata ndi sabata, masefa ena onse akuchepera kukhulupirika pa liwiro lomwelo.

Kukonza zimene zinasokonekera kale

Ambiri amafika pa nkhaniyi chaka chitatha kale, ali ndi malebulo oposa 100. Poyambira ndi kuwerenga. Tulutsani matikiti onse m'faelo ya `CSV`, muwerenge kuti lebulo iliyonse yagwiritsidwa ntchito kangati ndiponso komaliza liti. Kawirikawiri pamapezeka kuti malebulo ochepa ndiwo anyamula matikiti ambiri, ndipo mchira wautali ndi wa malebulo a tikiti imodzi kapena ziwiri. Pambali pa lebulo iliyonse lembani kumene ikupita: kukhala, kuphatikizidwa ndi ina, kusamukira m'bokosi, kapena kufufutidwa.

Musanakhudze tikiti ndi imodzi yomwe, fufuzani zonse zimene zikudalira mayina akale: masefa osungidwa, mabolodi a ntchito, malamulo oyenda okha amene amatumiza uthenga lebulo ina ikaikidwa, ngakhale maulalo amene anthu anasunga m'makompyuta mwawo. Ku GitHub kusintha dzina la lebulo kumasintha pa matikiti onse nthawi imodzi, zomwe n'zabwino, koma ulalo wakale wofufuza `label:momo` umangotulutsa tsamba lopanda kanthu, ndipo mwini wake akhoza kusangalala kuti mavuto atha. Kufufuta lebulo kumaichotsa pa matikiti onse, ndipo palibe batani lobwezera.

Mu Jira lebulo ilibe malo osinthira dzina. Mumasefa matikiti okhala ndi yakale, n'kugwiritsa ntchito `Bulk change`, yomwe imatenga matikiti osapitirira 1,000 pa ulendo umodzi. Apa pafunika maso. Pabokosi la malebulo pamabwera zosankha zingapo, ndipo `Replace all with` imafufuta malebulo onse a tikiti, ngakhale amene sanakulakwireni, n'kusiya yatsopano yokha. Njira yabwino ndi maulendo awiri: `Add to existing` kuti yatsopano ilowe, kenako `Find and remove these` kuti yakale ichoke, mutatsimikizira kuti nambala zikugwirizana. Chotsani chochonga pa kabokosi kotumiza makalata, apo ayi anzanu adzadzuka ndi mauthenga mazanamazana ndipo sadzakukhululukirani msanga. Matikiti otsekedwa kale asasiyidwe, chifukwa lebulo imaonekabe pa zosankha malinga ngati pali tikiti ina imene ili nayo, ndipo `momo` idzauka kwa akufa mwezi wamawa.

Pali mtengo wina wobisika. Kusintha kwa chikhamu kumeneku kumasuntha deti la `updated` pa tikiti iliyonse yokhudzidwa. Ngati gulu lili ndi sefa ya matikiti amene atha masiku 90 osakhudzidwa, sefayo idzaoneka yoyera mawa lake ngati kuti aliyense wagwira ntchito usiku wonse. Sungani mndandanda wa matikiti okalambawo padera musanayambe.

Kwa gulu lathu lija ntchito yonse ingathe m'madzulo amodzi. Matikiti a `mobile-money`, `mobilemoney` ndi `momo` alowa m'chigawo cha `payments` ndipo malebulo atatuwo achoka. A `mpamba` ndi `airtel` alowa m'chigawo chomwecho, n'kulandira mayina atsopano a banja la `channel-`. Khumi opanda kanthu aja sangapezeke ndi lebulo, ndiye wina ayenera kuwerenga ndi maso matikiti onse opanda chigawo, ndipo apa m'pamene nthawi yambiri idzapite. Sefa ya mtsogoleri ilembedwanso ndi `component = payments`, n'kutulutsa 61.

Kusamukira ku chigawo kuli ndi phindu linanso limene limadzaoneka mtsogolo, pamene `payments` idzagawidwe pawiri. Pofufuta chigawo, Jira amafunsa kumene matikiti ake apite. Ndipo sefa yakale imene ikutchulabe chigawo chochotsedwa siitulutsa mndandanda wopanda kanthu monga imachitira ndi lebulo: imakana, n'kulemba uthenga wakuti dzina limenelo kulibe m'bokosi la `component`. Amene watsegula sefayo m'mawa wa Lolemba adzanyansidwa, adzapita kukafunsa, ndipo adzauzidwa mayina awiri atsopano asanapereke nambala kwa abwana.